MAGAZI A KU UBONGO NDI MATENDA A SITIROKO

Mau Oyamba

Ambiri a ife tinamvapo kapena kuona zotere: munthu wadzuka bwinobwino, wapita kumunda, koma mwadzidzidzi khasu lamupulumuka m'manja, pakamwa pakhota, ndipo mau ake sakumvekanso. Anthu amasonkhana, wina nati walodzedwa, wina nati ndi mizimu, wina nati tiyambe taona mmene kuchere mawa. A chipatala amati matendawa ndi sitiroko, ndipo ena timangoti matenda ofa ziwalo.

Chodabwitsa n'chakuti mkono umene waumawo ulibe chilonda, ndipo mwendo umene ukukanika kuyendawo sunathyoke. Vuto lili ku ubongo. Mtsempha wina wotenga magazi kupita ku ubongo watsekeka kapena waphulika, ndipo chigawo cha ubongo chimene chimalamula mkonowo chasowa magazi.

M'mutu uno tiona njira zimene magazi amadutsa popita ku ubongo, mmene njirazo zimalumikizirana pansi pa ubongo, ndiponso chifukwa chake wina amauma mkono, wina mwendo, wina maso. Tikadziwa zimenezi sitidzataya nthawi pa tsiku limene m'bale wathu wagwa.

1. Ubongo susunga chakudya

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Pa munthu wolemera makilogalamu 70, amenewa ndi magawo awiri okha pa 100 alionse a thupi lake. Komabe ubongo umalandira pafupifupi magawo 15 pa 100 alionse a magazi amene mtima umapopa, ndiye kuti mamililita ngati 750 pa mphindi iliyonse. Amenewa ndi magazi odzaza mabotolo awiri ndi theka a zakumwa zoziziritsa kukhosi.

Magaziwa amabweretsa zinthu ziwiri: mpweya wa okosijeni ndi shuga. Minofu ya m'miyendo imatha kusunga chakudya chake. Ubongo ulibe nkhokwe yotere. Umadya za lero lomwe. Magazi akasiya kufika ku ubongo wonse, munthu amakomoka pakangotha masekondi ngati khumi, ndipo pakapita mphindi zochepa maselo a ubongo amayamba kufa.

2. Misewu inayi yopita ku ubongo

Magazi amafika ku ubongo kudzera m'mitsempha ikuluikulu inayi: iwiri kutsogolo kwa khosi ndi iwiri kumbuyo.

Ya kutsogolo imatchedwa kalotidi. Tikaika zala ziwiri pambali pa kholingo, pansi pa chibwano, timamva kugunda. Umenewo ndi mtsempha wa kalotidi. Tingokhudza pang'ono, mbali imodzi yokha, osakanikiza. Pamwamba pa khosi mtsemphawu umagawika pawiri. Nthambi imodzi imadyetsa nkhope ndi khungu la kumutu, ndipo inayo imalowa m'chigaza n'kukadyetsa ubongo ndi diso. Makalotidi awiriwa amanyamula pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a magazi onse a ku ubongo.

Ya kumbuyo imatchedwa vetebulo. Imeneyi sitingaikhudze chifukwa imakwera kudzera m'timabowo ta m'mafupa a khosi. Ikalowa m'chigaza cha kunkhongo, iwiriyi imaphatikizana n'kukhala mtsempha umodzi wotchedwa basila. Basila amatsata tsinde la ubongo, pamene ubongo umalumikizana ndi msana. Tsinde limeneli ndi limene limayang'anira kupuma, kumeza, kayendedwe ka maso ndi kukhala maso.

3. Mkombero wa pansi pa ubongo

Mitsempha inayi ija ikafika pansi pa ubongo, kuseri kwa maso, imalumikizana n'kupanga kamkombero konga ka lichero, kotalika masentimita ochepa chabe. Kamkomberoka kamadziwika ndi dzina la Thomas Willis, dokotala wa ku Mangalande amene anakafotokoza bwino m'buku lake lotchedwa Cerebri Anatome m'chaka cha 1664.

Kalumikizidwe kake ndi kotere. Kutsogolo kuli kamtsempha kamodzi kakafupi kolumikiza mbali ya kumanja ndi ya kumanzere. M'mbali muli timitsempha tiwiri, kamodzi kumanja kena kumanzere, tolumikiza kalotidi ndi nthambi za basila. Motero kumanja ndi kumanzere n'zolumikizana, kutsogolo ndi kumbuyo n'zolumikizananso.

Kuti timvetse ntchito yake, tiganize za sikimu ya mpunga imene madzi ake amabwera kudzera m'ngalande zinayi. Ngalande zonsezo zikuthira m'ngalande imodzi yozungulira, ndipo kuchokera m'yozungulirayo mukutuluka ngalande zopita ku minda. Ngalande imodzi mwa zinayi zija ikatsekeka ndi matope, minda siuma, chifukwa madzi a m'ngalande zitatu zotsala amazungulira n'kukafika konse. Willis mwiniwake analemba za munthu wina amene anamwalira ndi matenda ena. Atamung'amba anapeza kuti kalotidi wa mbali imodzi anali wotsekeka, koma munthuyo sanaume ziwalo ali moyo, chifukwa magazi anali atapeza njira ina.

Koma pali zinthu zitatu zimene tiyenera kudziwa, kuti tisaganize kuti mkomberowu umateteza aliyense.

Choyamba, anthu amene mkombero wao uli wathunthu ndi wotakata mbali zonse safika theka. Mwa ambiri a ife kamtsempha kena kolumikiza n'kakang'ono kwambiri kapena kulibiretu. Timabadwa choncho, ndipo munthu sangadziwe popanda kujambulidwa.

Chachiwiri, mkomberowu umathandiza kwambiri pamene mtsempha ukutsekeka pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, chifukwa timitsempha tolumikiza tija timakhala ndi nthawi yokula. Mtsempha ukatsekeka mwadzidzidzi, nthawi imeneyo sipakhala.

Chachitatu, mkomberowu umathandiza pokhapokha kutsekeka kwachitika magazi asanafike pa mkomberopo. Ngalande yotuluka mu mkombero kupita ku munda ikatsekeka, madzi angazungulire chotani, munda umenewo uuma basi. Sitiroko zambiri zimachitika motere.

4. Minda itatu mbali iliyonse

Kuchokera pa mkombero pamatuluka mitsempha itatu mbali iliyonse: wa kutsogolo, wa pakati ndi wa kumbuyo. Uliwonse uli ndi munda wakewake.

Tisanaione, tikumbukire mfundo iyi: ubongo wa kumanzere umalamula thupi la kumanja, ndipo ubongo wa kumanja umalamula thupi la kumanzere. Izi zili choncho chifukwa mitsempha yotenga mauthenga imapingasana patsinde la ubongo. Tsono munthu akauma mkono wa kumanja, vuto lili ku ubongo wa kumanzere.

Mtsempha wa pakati ndiye waukulu mwa itatuyi, ndipo ndi umene umatsekeka kawirikawiri. Umadyetsa mbali ya kunja ya ubongo, cha pamwamba pa khutu. Kumeneko ndi kumene kumachokera malamulo opita ku nkhope ndi ku mkono. Ukatsekeka, pakamwa pamakhota ndipo mkono umalefuka kwambiri kuposa mwendo. Mwa anthu ambiri chigawo cha chilankhulo chili ku ubongo wa kumanzere. N'chifukwa chake munthu wouma mbali ya kumanja kawirikawiri amalepheranso kulankhula kapena kumvetsa zimene tikumuuza. Wouma mbali ya kumanzere amatha kulankhula, koma ena amaiwaliratu kuti ali ndi mbali ya kumanzere: amadya nsima ya mbali imodzi ya mbale, ndipo mwina amakana kuti mkono woumawo ndi wao.

Mtsempha wa kutsogolo umakwera pakati, pamene mbali ziwiri za ubongo zayang'anizana. Kumeneko ndi kumene kumalamula mwendo ndi phazi. Ukatsekeka, mwendo umalefuka kwambiri kuposa mkono, ndipo nkhope kawirikawiri imakhala bwinobwino. Munthuyo amatha kumadzikodzera, ndipo ena amangokhala duu, osafuna kuyamba chilichonse. Achibale amati wayamba ulesi kapena mwano, pamene ndi matenda.

Mtsempha wa kumbuyo umachokera kwa basila ndipo umadyetsa ubongo wa kunkhongo, kumene kumamasuliridwa zimene maso aona. Ukatsekeka, maso enieniwo amakhala abwinobwino, koma munthu saona theka la zimene zili patsogolo pake. Ngati watsekeka ndi wa kumanzere, saona za kumanja ndi maso onse awiri. Amagunda mphuthu ya chitseko mbali imodzimodzi tsiku ndi tsiku, ndipo saona njinga yochokera mbali imeneyo. Manja ndi miyendo zimatha kukhala zamphamvu, n'chifukwa chake ambiri sazindikira kuti imeneyi ndi sitiroko.

Nanga basila ndi mavetebulo akatsekeka? Pamenepo chimene chimavutika ndi tsinde la ubongo ndi kaubongo kakang'ono ka kunkhongo kamene kamatithandiza kuyenda mosadzandira. Munthu amamva chizungulire chachikulu mwadzidzidzi, amasanza, amaona zinthu ziwiriziwiri, amatsamwa pomeza, lilime limalemera, ndipo amadzandira ngati woledzera. Ngozi yake ndi yakuti anthu amamuseka kuti wamwa. Basila akatsekeratu, munthu amatha kukomoka ndi kufa.

5. Timitsempha tating'ono ndi bipi

Kuwonjezera pa mitsempha ikuluikuluyi, pali timitsempha tina tating'ono ngati ulusi timene timaphuka pafupi ndi mkombero n'kulowa m'kati mwenimweni mwa ubongo. Timeneti tilibe tinzake totithandiza. Timadyetsa malo opapatiza pamene mauthenga onse opita ku nkhope, mkono ndi mwendo amadutsira pamodzi, monga anthu a midzi yambiri amadutsira pa mlatho umodzi. Kamodzi kokha kakatsekeka, malo oonongeka amakhala ochepa ngati njere ya nyemba, koma nkhope, mkono ndi mwendo za mbali imodzi zimalefuka mofanana, pamene nzeru ndi kumvetsa mau zili bwinobwino.

Mdani wamkulu wa timitsempha timeneti ndi kuthamanga kwa magazi, kumene timati bipi. Popeza timachokera mwachindunji ku mitsempha ikuluikulu, mphamvu yonse ya magazi imatigunda. Bipi ikakhala yokwera kwa zaka zambiri, makoma ake amalimba n'kutsekeka, kapena amafooka n'kuphulika. Bipi yokwera kawirikawiri siipweteka, ndipo njira yoidziwira ndi kuyezetsa basi. Muyezo ukamafika 140 pa 90 kapena kuposerapo mobwerezabwereza, ndiye kuti ndi yokwera.

Kafukufuku amene anachitika pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, n'kusindikizidwa m'chaka cha 2016, anapeza kuti pakati pa akuluakulu chimene chimabweretsa sitiroko kwambiri ndi bipi, pamene pakati pa achinyamata ndi kachirombo ka HIV, makamaka chitetezo cha m'thupi chikatsika kwambiri. Zina zimene zimaononga mitsempha ndi matenda a shuga ndi kusuta fodya.

Pa mkombero pomwepo pamathanso kuchitika vuto lina. Pa mphambano za mitsempha khoma limatha kufooka n'kutupa ngati chubu chakale cha njinga. Chotupacho chikaphulika, magazi amamwazika kuzungulira ubongo. Munthu amamva mutu woopsa umene sanaumvepo chibadwire, wobwera kamodzin'kamodzi ngati wamenyedwa ndi chibonga, khosi limauma, ndipo amasanza kapena kukomoka. Mutu wotere si wodikira nao panado.

6. Chitsanzo

Tiyerekeze mayi wa zaka 58 amene anauzidwa kuti ali ndi bipi, koma anasiya kumwa mankhwala atayamba kumva bwino. Mlungu wathawu diso lake la kumanzere linachita mdima kwa mphindi zisanu, ngati wina watsitsa katani, kenaka linabwerera. Sanauze munthu.

Lero nthawi ya 11 koloko m'mawa akuphika nsima, mthiko wagwa m'dzanja la kumanja. Mwana wake akumufunsa kuti, "Amayi, mwatani?" Mayiyo akuyesa kuyankha koma mau akutuluka osokonekera. Mwanayo akuwapempha kuti amwetulire: mbali ya kumanja ya pakamwa siikusuntha. Akuwapempha kuti akweze manja onse awiri: la kumanja likugwa. Mwendo wa kumanja ukukwezeka, ngakhale mofooka.

Tiyeni tiwerenge zizindikirozi. Zonse zili kumanja, choncho vuto lili ku ubongo wa kumanzere. Nkhope ndi mkono zavutika kuposa mwendo, ndipo chilankhulo chasokonekera. Umenewu ndi munda wa mtsempha wa pakati wa kumanzere.

Nanga diso lija likukhudzana bwanji? Tanena kuti kalotidi amadyetsa ubongo ndi diso la mbali yake. M'khosi mwa mayiyu, pamene kalotidi wa kumanzere amagawika pawiri, khoma la mtsempha linakhuthala ndi mafuta, ndipo pamenepo magazi ankaundana. Mlungu wathawu kachidutswa kakang'ono kanachoka n'kukatseka mtsempha wa diso la kumanzere, kenaka kanasungunuka. Limenelo linali chenjezo. Lero chachoka chidutswa chokulirapo, chadutsa pa mkombero n'kukakhazikika mu mtsempha wa pakati. Popeza chatseka kupitirira mkombero, mkomberowo sungathandize.

Koma sikuti munda wonse wafa nthawi yomweyo. Pakati penipeni, pamene magazi sakufika n'komwe, maselo amafa m'mphindi zochepa. M'mphepete mwake muli chigawo chachikulu chimene chikulandirabe timagazi pang'ono kuchokera ku minda yoyandikana, kudzera m'timitsempha ta pamwamba pa ubongo. Chigawo chimenechi chasiya kugwira ntchito koma sichinafe, monga mbeu zofota zimene zingadzukenso zitathiriridwa lero. Ola lililonse likamapita, mbali ina ya chigawochi imafa. N'chifukwa chake mayiyu akhoza kuyamba ndi mkono wofooka 11 koloko, n'kufika madzulo mbali yonse itauma.

Kumene alipo, mankhwala osungunula magazi oundana amaperekedwa kawirikawiri pasanathe maola anayi ndi theka chiyambire zizindikiro. Kwa mayiyu ndiye kuti isanakwane hafu pasiti 3 masana. Mankhwalawa sapezeka m'zipatala zambiri kwathu kuno, komabe kufika msanga kumapulumutsa ubongo m'njira zina. A chipatala amayeza shuga, popeza shuga wotsika kwambiri amafanana ndi sitiroko ndipo amachizika nthawi yomweyo. Amaona ngati wodwala angathe kumeza. Amatsitsa kutentha kwa thupi, amayang'anira bipi ndi kugunda kwa mtima, ndipo amayamba mankhwala oteteza sitiroko yachiwiri.

7. Zoyenera kuchita ndi zosayenera

Tikakayikira sitiroko, tiyese zinthu zitatu monga anachitira mwana uja: amwetulire, akweze manja onse awiri, anene chiganizo chachifupi. Chimodzi chokha chikalephereka mwadzidzidzi, tifune galimoto nthawi yomweyo. Tichitenso chimodzimodzi munthu akasiya kuona mbali imodzi, kapena akayamba kudzandira mwadzidzidzi asanamwe mowa.

Tione nthawi imene zayamba ndipo tikaiuze a chipatala. Ngati wadzuka nazo m'mawa, tinene nthawi imene tinamuona komaliza ali bwino. Titenge buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse amene amamwa.

Tisamupatse madzi, phala, tiyi kapena mankhwala a zitsamba. Sitiroko imasokoneza kumeza, ndipo zimene tamumwetsazo zimatha kulowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo, chimene chimapha odwala sitiroko ambiri. Ngati wakomoka kapena akusanza, timugoneke chammbali.

Tisamupatse asipulini kunyumba. Zizindikiro zimationetsa munda umene wavutika, koma sizitiuza motsimikiza ngati mtsempha watsekeka kapena waphulika. Chimene chimasiyanitsa bwino ziwirizi ndi makina ojambula m'mutu, a sikani. Asipulini amathandiza pa mtsempha wotsekeka, koma pa wophulika amaonjezera kukha magazi. Tisamuonjezerenso mankhwala a bipi tokha, chifukwa bipi ikatsika mwadzidzidzi, timagazi tija tofika m'mphepete mwa munda timachepa.

Zizindikiro zikatha zokha pakapita mphindi zingapo, tisati wachira. Chidutswa chasungunuka, koma kumene chachokera kukadalipo, ndipo ngozi ya sitiroko yaikulu imakhala yokwera kwambiri m'masiku oyambirira. Tipite ku chipatala tsiku lomwelo.

8. Wodwala akabwerera kunyumba

Kudziwa munda umene unaonongeka kumatithandiza kusamala wodwala moyenera. Amene sakutha kulankhula sanachite misala ndipo si mwana. Tilankhule naye pang'onopang'ono, mau ochepa, ndi mafunso oyankha kuti inde kapena ayi, ndipo timupatse nthawi. Amene saona kapena amaiwala mbali imodzi timukumbutse kutembenuza mutu, timutembenuzire mbale, ndipo asaoloke msewu yekha. Mkono wouma tisaukoke pomudzutsa, chifukwa phewa limavulala msanga. Amene sangathe kudzitembenuza timutembenuze pafupifupi maola awiri alionse kuti asachite zilonda.

Maselo amene afa sabwerera, koma zigawo zoyandikana zimaphunzira ntchito zina za chigawo chakufacho. Kuphunziraku kumachitika kwambiri m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira, choncho mafizo ayambe msanga ndipo achitike tsiku ndi tsiku. Mankhwala a bipi ndi a moyo wonse, ngakhale munthu akumva bwino, chifukwa mitsempha yotsalayo ikugundidwabe ndi magazi omwewo.

Mafunso Okambirana M'magulu

1. Bambo wina wauma mwendo wa kumanzere, koma mkono ndi nkhope zili bwino. Kodi vuto lili mbali iti ya ubongo, ndipo ndi mtsempha uti?

2. N'chifukwa chiyani munthu wina kalotidi wake amatsekeka iye osadwala, pamene wina amauma ziwalo?

3. Kodi m'dera lathu anthu amati chiyani munthu akagwa mwadzidzidzi n'kukhota pakamwa? Nanga amayamba kupita naye kuti, ndipo pamatayika maola angati?

4. Munthu atagwa lero usiku m'mudzi mwathu, galimoto tingaipeze kwa yani, ndipo ndalama ya mafuta ingachokere kuti? Tigwirizane lero, tsikulo lisanafike.

5. Ndi angati mwa ife amene tayezetsa bipi chaka chino? Amene sitinayezetse tipita liti?